Kasitomala wakwiya mu tikiti, nthawi ikutha: muyambire pati?

Moni nonse amene mumayankha makasitomala kudzera m'matikiti. Tiyerekeze kuti ndi 2 koloko masana, shifiti yanu ikutha 5 koloko, ndipo matikiti ena ali pamzere. Mwatsegula imodzi. Munthu walemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti amudula ndalama kawiri pa chinthu chimodzi, ndipo aka n'kachitatu kudandaula.

Musathamangire kulemba. Werengani tikiti yonse kuyambira pa uthenga woyamba, chifukwa chimene chimakwiyitsa munthu kwambiri ndi kumufunsa zomwe ananena kale. Kenako onani mu akaunti yake ngati ndalamazo zinadulidwadi kawiri. Nthawi zina yachiwiriyo banki imangoigwira kaye, ndipo imabwerera yokha.

Apa ndi pomwe ambiri amatayira nthawi. Amakhala chete mpaka atapeza yankho lonse, pomwe kubweza ndalama kuli m'manja mwa a zachuma, osati mwawo. Makampani ambiri amawerengera padera nthawi yoyankha koyamba ndi nthawi yothetsera vuto. Choncho yankhani msanga, mwachidule:

"Pepani kwambiri, mwalemba katatu osathandizidwa. Ndaona kuti ndalama zinadulidwadi kawiri. Ndatumiza nkhaniyi kwa a zachuma, ndipo ndikulemberaninso 4 koloko isanakwane kukuuzani pomwe yafika."

Taonani, simunalonjeze tsiku lomwe ndalama zibwerere, chifukwa zimenezo si zanu. Mwalonjeza nthawi yomwe inuyo mulembenso, ndipo zimenezo mungakwanitse. Ine ndimaona kuti lonjezo laling'ono losungidwa limaziziritsa mtima kuposa kupepesa kambirimbiri. Mawu akuti "khazikani mtima pansi" asiyeni, amangokolezera moto. Ngati pali zofunika kumufunsa, funsani zonse mu uthenga umodzi.

Tsopano isiyeni tikitiyo. M'mapulogalamu ngati Zendesk, Pending ndi ya pomwe mukudikira kasitomala, On-hold ndi ya pomwe mukudikira anthu ena, monga a zachumawa. Musaike Solved pofuna kuchepetsa mzere. Munthuyo akangoyankha, tikiti itsegukanso, iye atakwiya kuposa poyamba. Tcherani alamu ya 3:45, n'kubwerera ku matikiti ena, kuyambira omwe nthawi yawo yatsala pang'ono. Kasitomala uja akalembanso mokalipa popanda chatsopano, simukuyenera kuyankha uthenga uliwonse. Koma akayamba kuopseza kapena kutchula zamakhoti, ipititseni kwa akuluakulu anu nthawi yomweyo.

Alamu ikalira, lembani ngakhale a zachuma asanayankhe. Muuzeni zoona, ndipo mupatseni nthawi ina. Musanaweruke, siyirani mnzanu wolowa shifiti uthenga mu Internal note wonena zomwe mwapeza, zomwe mwalonjeza, ndi nthawi yake. Musanatumize, onetsetsani kuti mwasankhadi Internal note, chifukwa zolembedwa mu Public reply kasitomala amaziwerenga zonse.