Nambala ya ROAS ikakhala yabwino koma ndalama zikuthabe

Omvera, lero tikambirana za nambala imene imaoneka pa Meta Ads Manager, pomwe mumayendetsera zotsatsa za pa Facebook ndi Instagram, kapena pa Google Ads mukamalipira kuti malonda anu atsatsidwe, imene imalembedwa kuti ROAS. Nambala imeneyi imapezeka pogawa ndalama zimene mwagulitsa chifukwa cha kutsatsako ndi ndalama zimene mwalipira potsatsa. Mukalipira 1,000 n'kugulitsa katundu wa 3,000, ROAS yanu ndi 3. Sinditchula dzina la ndalama chifukwa masamu ake ndi amodzimodzi kulikonse.

Tsono anthu ambiri akaona 3 ameneyu amanena kuti ndalama yawo yabereka katatu. Siinabereke katatu. Ndibwerezenso, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa: 3,000 uja ndi ndalama zimene makasitomala alipira, ndipo mkati mwake muli ndalama za amene anakugulitsani katunduyo, za amene ananyamula, ndi za ena onse amene akudikira gawo lawo. ROAS siidziwa kuti katunduyo munaoda pa mtengo wanji.

Tiyeni titenge chinthu chimodzi chimene mumagulitsa pa 100. Munachioda pa 55. Kulongedza ndi kutumiza kwa kasitomala kumadya 12. Kampani imene imayendetsa malipiro a pa khadi kapena pa foni imadula 3. Ndiye pali katundu amene amabwezedwa kapena kuonongeka pa njira, amene mukamuwaza pa zinthu zonse zimene mwagulitsa, tiyerekeze kuti akukwana 5 pa chinthu chilichonse. Mukaphatikiza 55, 12, 3 ndi 5 mupeza 75, kutanthauza kuti pa 100 aliyense amene walowa, chotsala m'manja mwanu musanalipire kutsatsa ndi 25 basi, kapena kuti 25 peresenti.

Tsopano bwererani ku 3,000 uja. Mwagulitsa zinthu 30, ndipo chilichonse chakusiyirani 25, zonse pamodzi 750. Koma potsatsa munalipira 1,000. Mwataya 250, kwinaku sikirini ikukuonetsani 3 wooneka bwino.

Nanga nambala yoyenera ndi iti? Lamulo lake ndi lalifupi: gawani 1 ndi gawo limene limatsala lija. Apa 25 peresenti ndi 0.25, ndipo 1 kugawa ndi 0.25 ndi 4. Ndiye kuti kwa inu, pa katundu ameneyu, ROAS ya 4 ndi pamene simunapindule komanso simunataye. Pansi pa 4 mukudya mpamba. Ndipo ngakhale pa 4 penipenipo, lendi, malipiro a antchito ndi nthawi yanu sizinapeze kanthu, choncho 4 ameneyu ndi malire apansi chabe.

Ndikudziwa kuti wina akunena kale kuti, koma ine phindu langa ndi lalikulu kuposa pamenepo, ndimaoda pa 55 n'kugulitsa pa 100. Imani kaye, pano ndichedwapo, chifukwa inenso ndi pamene panandisokoneza kalelo. Pali njira ziwiri zolakwira. Yoyamba ndi kutenga kusiyana kwa 100 ndi 55, komwe ndi 45, n'kukugawa ndi mtengo woodera, ndi 55, n'kupeza pafupifupi 82 peresenti. Nambala imeneyo imakuuzani zimene mwaonjezera pamwamba pa mtengo woodera, ndipo ili ndi ntchito yake poika mitengo, koma mukailowetsa m'lamulo lija ikupatsani malire a pafupifupi 1.2, ndipo mudzakhala mukuomba m'manja pa ROAS ya 2 pamene mukumira. Chifukwa chake n'chakuti ROAS imawerengedwa pa ndalama zogulitsa, choncho gawo lanunso liyenera kugawidwa ndi mtengo wogulitsira, ndi 100, osati ndi 55. Yachiwiri, imene ndi yofala kwambiri, ndi kugawa bwinobwino ndi 100 koma n'kuiwala 12, 3 ndi 5 uja. Mupeza 45 peresenti, malire a pafupifupi 2.2, ndipo ROAS ya 3 iwoneka ngati yapitirira malire ndi kutali. Ayi, ndikonze kanenedwe: sikuti anthu amaiwala kuti amalipira zotumizira, amadziwa, koma amazilemba kwina monga ndalama zoyendetsera bizinesi. Funso lodzifunsa pa ndalama iliyonse ndi ili: kodi ndikagulitsa chinthu chimodzi choonjezera, ndalama imeneyi ikwera? Ngati ikwera, ichotsedwe musanawerenge gawo lanu.

N'chifukwa chake simuyenera kukopera nambala ya mnzanu. Munthu amene gawo lake ndi 60 peresenti malire ake ndi pafupifupi 1.7, moti akalipira 1,000 n'kugulitsa 2,000, amatsala ndi 1,200, ndipo akachotsa kutsatsa wapindula 200 pa ROAS ya 2 yokha. Inu pa 3 mwataya, iye pa 2 wapindula.

Pali wamalonda wina, sindimutchula, amene anawerenga bwino zonsezi n'kupeza 4 wake, kenaka anaganiza zotsitsa mtengo ndi 10 peresenti kuti anthu agule ambiri. Anauzidwa kuti awerengenso malire asanatero, koma anati wawerenga kale. Anthu anaguladi. Pa 1,000 yemweyo anagulitsa zinthu 50 pa mtengo wa 90, zomwe ndi 4,500, ROAS n'kukwera kufika pa 4.5, ndipo iye anasangalala kuti wadutsa 4 uja. Koma taonani, amene anamugulitsa katundu sanatsitse mtengo, wonyamula sanatsitse, 75 uja anangokhala pafupifupi momwemo. Pa 90 kuchotsa 75 patsala 15. Zinthu 50 kuchulukitsa ndi 15 ndi 750, kuchotsa 1,000, wataya 250 yemwe uja, koma tsopano atalongedza maphukusi 50 m'malo mwa 30. Kutsitsa mtengo ndi 10 kunachotsa 10 pa 25 wake, ndipo malire ake anali atasuntha: 90 kugawa ndi 15 ndi 6. Mtengo ukasintha, kapena zotumizira zikakwera, lamulo lija liwerengedwenso tsiku lomwelo.

Chinthu china, ndisanaiwale, ndi 3,000 weniweniyo. Amene amakuuzani kuti kutsatsa kwabweretsa 3,000 ndi yemwe akukugulitsani kutsatsako. Meta, mukapanda kusintha, imadziwerengera malonda a munthu amene wagula pasanathe masiku 7 atadina chotsatsa chanu, kapena pasanathe tsiku limodzi atangochiona. Kasitomala wanu wakale amene akanagulabe akhoza kulowa m'chiwerengero chimenecho, ndipo ngati mukutsatsanso pa Google, malonda amodzi akhoza kuwerengedwa mbali zonse ziwiri. Katundu wobwezedwa nayenso kawirikawiri amakhalabe m'nambalayo pokhapokha mutakonza kuti azichotsedwa. Mungazindikire zimenezi pophatikiza malonda amene malo onse otsatsira akunena, n'kuyerekeza ndi zimene zalowadi m'buku lanu mwezi umenewo. Ngati iwo akunena zambiri kuposa buku, khulupirirani buku.

Choncho musanaonjezere ndalama zotsatsira, tengani katundu mmodzimmodzi, osati sitolo yonse pamodzi, chifukwa katundu wa gawo lalikulu amabisa kutaya kwa mnzake. Lembani mtengo wogulitsira umene kasitomala akulipiradi lero, chotsani zonse zimene zimakwera mukagulitsa, gawani mtengowo ndi chotsalacho, ndipo nambala imene yatulukayo muilembe pambali pa dzina la katunduyo kuti muziyerekeza ndi ROAS yake sabata iliyonse.