Kuwerenga kawiri, kuti ng'oma isasanduke ngoma

[Pasikirini: kumanzere chithunzi cha tsamba la buku lakale, kumanja mawu otayipa]

Muli bwanji nonse? Taonani mzere uwu kumanjaku: "anyamata anaimba ngoma usiku wonse." Mukawerenga mothamanga, zonse zili bwino. Tsopano yang'anani pachithunzi. Pakati pa g ndi o pali kachizindikiro kakang'ono m'mwamba. M'bukumu muli ng'oma. Kachizindikiroko katasowa, ng'oma yoimba ija yasanduka ngoma, nyama yam'tchire ya nyanga zopotana.

Tsamba limeneli ndi la kabuku ka Chinyanja ka nthawi imene Chipata inkatchedwa Fort Jameson. Tiliwerenga kawiri kuti tione ngati mawu otayipa akufanana ndi a m'buku, ndipo ulendo uliwonse uli ndi ntchito yake.

Poyamba konzani sikirini. Pa Windows, dinani batani la Windows pamodzi ndi muvi wakumanzere kuti chithunzi chikhale mbali imodzi, mawu mbali inayo. Chikulitseni chifike 200%. Mizere yotayipa iziduka pomwe yadukira m'buku. Mudzailumikiza pomaliza, osati pano.

[Pasikirini: mzere woyamba utakulitsidwa]

Ulendo woyamba ndi wa zilembo. Diso liziyambira pachithunzi, litenge mawu atatu kapena anayi, kenako likawafune kumanja. Mukayambira kumanja, mutu umagwira kale mawuwo, ndiye pachithunzi mumangoona zimene mukuyembekezera. Ife odziwa chinenerochi ndi amene timapusitsika msanga, chifukwa timamaliza mawu tisanawaone onse.

Ngati mawuwo anatengedwa ndi pulogalamu yowerenga zilembo pachithunzi, zolakwa zake zimabwerezabwereza. Zilembo r ndi n zikagundana imaziyesa m. Chilembo l imachiyesa 1. Kadenga ka pa ŵ imakataya. Inki ikafufuma, h amathanso kusowa, phala n'kukhala pala. Mukagwira cholakwa chimodzi, dinani Ctrl+F mufufuze anzake.

Lamulo lalikulu apa ndi lakuti lembani zimene zili patsamba. M'bukumu analemba Cinyanja ndi c yekha, monga timalembera kuno ku Zambia. Musawonjezere h ngakhale dzanja likuyabwa. Osindikiza akalakwitsa, cholakwacho chisiyeni, muchilembe pambali. Pamene simukutha kuwerenga ikani [?], musaganizire.

[Pasikirini: tsamba lonse]

Ulendo wachiwiri ugwiridwe ndi munthu wina. Ku Wikisource, malo a pa intaneti kumene anthu amatayipa ndi kukonza mabuku akale, ndi momwenso amachitira: amene waika tsamba pa Proofread, kusonyeza kuti lawerengedwa koyamba, sangaliike yekha pa Validated, kusonyeza kuti latsimikizidwa. Mukakhala nokha, ligonekeni tsambalo mpaka mawa.

Wachiwiriyu asayambe n'kuwerenga nkhani ayi, ayambe wawerengetsa mizere. Pachithunzi pali mizere 32, kumanja ilipo 31. Wina wapita kuti? Onani mzere 14 ndi mzere 15: yonse ikuthera pa mawu akuti "ku Magwero." Wotayipa atafika pa Magwero woyamba anayang'ana kumbali, pobwerera diso linatera pa wachiwiri, mzere wonse n'kutsalira. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti chiganizo chotsalacho chikumvekabe bwinobwino. Woyamba uja sanachione chifukwa iyenso diso lake linadumpha pomwepo. Kuwerengetsa mizere kumatenga mphindi imodzi yokha.

Mukatero, yambirani mzere wapansi kukwera m'mwamba. Nkhani ikasokonezeka dongosolo siikukokaninso, mumaona mawu okhaokha.

Manambala ndi mayina muwaone paokha, chifukwa chiganizo sichikuthandizani kudziwa ngati ali olondola. Apa kumanja pali 1933. Pachithunzi nambala yomaliza yafufutika mbali yakumanzere. Ndi 3 kapena 8? Funani 3 wina ndi 8 wina patsamba lomwelo muyerekeze. Taonani, 3 wa m'buku lino ali ndi mutu wophwatalala, pamene uyu mutu wake ndi wozungulira. Chakacho ndi 1938.

Chomaliza, wachiwiri afufuze pamene woyamba anakonza zosafunika kukonza. Mzere 22 m'buku muli "mbale wace," koma kumanja mwalembedwa "m'bale wake." Tanthauzo silinasinthe, koma kalembedwe ka nthawiyo katayika. Bwezeranimo zakalezo.

Ine wachiwiri akapeza zolakwa zoposa zitatu patsamba limodzi, ndimalibweza ku ulendo woyamba, chifukwa pamene papezeka zinayi pamakhala zinanso zobisala.

Pali chimodzi chimene maulendo onse awiri sangachithe. Chithunzi chikakhala chosaoneka bwino, makamaka cha kumsoko kwa buku kumene tsamba limapindika, nonse awiri mudzangoganizira, mwinanso mofanana. Pamenepo musalimbane nacho. Bwererani kwa mwini bukulo, mulitambasule mosamala pamalo owala, foni ili pamwamba molunjika, mujambulenso tsambalo.