Sikelo yakwera, njala yavuta: sabata yomaliza musanapite kumwezi

[Wofotokoza waima pambali pa sikelo, mu jimu ina ku Matundo, mumzinda wa Tete]

Azichemwali, takulandirani. Lero tiyambira pa sikelo iyi, chifukwa yalizapo anthu ambiri opanda mlandu.

Tiyerekeze mayi amene amanyamula zitsulo katatu pa sabata. Amalemera makilogalamu 64, ndipo msambo wake umabwera pakatha masiku 30 aliwonse. Pa tsiku la 27 akukwera pa sikelo m'mawa, ikuwerenga 65.5. Sabata yomweyo njala yakhala ikumusautsa, ndipo chitsulo cha makilogalamu 40 chimene amanjuta nacho bwinobwino chikulemera ngati thumba la simenti. Iye akuganiza kuti wanenepa chifukwa chodya mosadziletsa, ndiye akusiya nsima ya madzulo n'kuwonjezera kuthamanga. Apa ndi pamene walakwitsa, ndipo ndikuonetsani chifukwa chake.

[Pa bolodi: mzere wa masiku 1 mpaka 30]

Tsiku loyamba ndi tsiku limene magazi ayamba kutuluka. Dzira limatuluka patatsala masiku pafupifupi 14 kuti msambo wotsatira uyambe, choncho kwa mayi wathuyu ndi cha pa tsiku la 16, osati la 14 monga ambiri tinamvera kusukulu. Dzira likangotuluka, homoni yotchedwa purojesiteroni imakwera. Imatenthetsa thupi pang'ono, ndi madigiri 0.3 mpaka 0.5, imawonjezera njala, ndipo kwa ena imachedwetsa m'mimba. Masiku omalizawo thupi limasunganso madzi, n'chifukwa chake mawere amalemera, mphete imathina, mimba imafufuma.

Tsopano tiwerengere limodzi. Kuti thupi lisunge kilogalamu imodzi ya mafuta, pamafunika makalori pafupifupi 7,700 oposa amene thupi lagwiritsa ntchito. Kilogalamu imodzi ndi theka ndi makalori oposa 11,000. Kuti mayiyu awadye m'masiku asanu, anayenera kudya chakudya cha anthu awiri tsiku lililonse, osadumphitsa. Kodi chikondamoyo chimodzi ndi mtedza wa madzulo zingafike pamenepo? Ayi. Kulemera kowonjezerekako ndi madzi ndi chakudya chimene chikadali m'matumbo, ndipo msambo ukayamba zimachoka zokha m'masiku ochepa.

Ndiye sikelo muziiwerenga chonchi: tsiku la 8 la mwezi uno muliyerekeze ndi tsiku la 8 la mwezi watha, tsiku la 27 ndi la 27 linzake. Mukayerekeza la 27 ndi la 8 mudzadziimba mlandu mwezi uliwonse mpaka kalekale.

[Patebulo: nthochi, dzira lowiritsa, mtedza wodzaza dzanja, mbatata]

Nanga njala ija, ndi yoona? Ndi yoona. Koma pano ndinena zimene ambiri sakonda kumva. Thupi limawotchadi makalori ochulukirapo m'masabata awiri omaliza, koma kuwonjezekako n'kochepa, kwa ambiri n'kofanana ndi nthochi imodzi pa tsiku, ndipo kwa ena sikuoneka n'komwe. Njala ndi imene imakwera kuposa pamenepo. Choncho musadzimane, komanso musati popeza ndili pafupi kupita kumwezi ndiye chilichonse chilowe.

Kwa mayi wathu uja ndingati: kuyambira tsiku la 23 mpaka msambo uyambe, awonjezere makalori 150 mpaka 200 pa tsiku, mwadala, pa nthawi yoikika. Nthochi ili ndi pafupifupi 100, dzira lowiritsa 75, ziwirizi pamodzi zakwana. Kapena mtedza wokazinga wodzaza dzanja limodzi, magalamu 30, ndi pafupifupi 170. Adye cha m'ma 3 koloko masana, asanapite ku jimu. Chifukwa chake n'chakuti njala imene mwaikaniza masana imakudikirani usiku, ndipo usiku simufuna dzira, mumafuna mandasi atatu ndi chakumwa cha shuga.

Nsima asachotse. Mtanda umodzi kapena iwiri monga mwa masiku onse, koma ndiwo zikhale zambiri: nyemba, kapenta wa ku Cahora Bassa, nyama ya mbuzi, imene kuno ku Tete sitiisowa. Kungoti kapenta wouma amabwera ndi mchere wake kale, muzimutsuka, ndipo dzanja lisalemere pothira wina, chifukwa mchere umawonjezera kufufuma kuja.

[Wofotokoza ali pa chitsulo chonjutira]

Za mphamvu tsopano. Mwina munaonapo mavidiyo onena kuti sabata yakuti nyamulani zolemera, sabata yakuti ingodzinyoolani basi. Ine sindigwirizana nazo. Mu 2020 akatswiri anasonkhanitsa zofufuza 78 pa nkhaniyi, ndipo anapeza kuti kusiyana kwa mphamvu pakati pa zigawo za msambo n'kochepa kwambiri, komanso kumasiyana mayi ndi mayi. Minofu yanu siithawa. Chimene chimasintha nthawi zambiri ndi mmene ntchitoyo ikumvekera, makamaka ngati simunagone bwino kapena m'mimba mukupweteka.

Ndiye musatsitse kulemera musanayese. Mayi uja atenthetse thupi monga mwa nthawi zonse, kenako anyamule 40 yake ija ulendo woyamba. Ngati wakwanitsa kunjuta kasanu ndi katatu msana uli wowongoka, apitirize. Ngati pofika kachisanu mawondo ayamba kulowa mkati, atsitse kufika pa 35, kapena achite maulendo awiri m'malo mwa atatu. Alembe m'kabuku tsiku la msambo, kulemera kwa chitsulo, ndi mmene anamvera. Pakatha miyezi itatu adzaona masiku ake ovuta. Kwa ena ndi sabata yomalizayi, kwa ena ndi masiku awiri oyamba a magazi, ena alibiretu.

Kutentha kwa kuno musakupeputse. Mu Okutobala ndi Novembala mzinda uno umadutsa madigiri 40, ndipo thupi lanu latentha kale ndi purojesiteroni. Sabata imeneyo pitani m'mamawa ngati mungathe, botolo la madzi lili m'manja. Kuchepetsa madzi akumwa sikuphwetsa mimba yofufuma. Anzathu a ku Ulongwe ndi ku Tsangano, kozizira kuja, vuto ili likukulambalalani pang'ono.

[Wofotokoza wakhala pansi]

Pali kutopa kumene si kwa mahomoni. Kutopa kwa msambo kumabwera n'kupita. Ngati mwezi wonse mukupuma mwawefuwefu pa ntchito imene kale inali yopepuka, mukumva chizungulire, m'kati mwa zikope mwayera, kapena mukulakalaka dothi, ganizirani za kuchepa kwa magazi, makamaka ngati mumasamba masiku oposa 7 kapena mumasintha padi ola lililonse. Mayi amene amasamba amafunika ayironi wokwana mamiligalamu 18 pa tsiku, bambo 8 basi. Chiwindi, nyama, nyemba ndi bonongwe zimathandiza, makamaka mukadya ndi malambe, masawu kapena mandimu, ndipo tiyi mumutalikitse ndi chakudya chifukwa amatchinga ayironi. Koma choyamba kayezetseni magazi kuchipatala.

China: ngati mwachepetsa kudya, mwawonjezera jimu, ndiye msambo wasowa miyezi itatu koma mulibe pakati, chimenecho si chizindikiro chakuti mwalimba. Thupi likusowa chakudya, ndipo mafupa ndi amene amalipira. Kaonaneni ndi adokotala.

Ndipo inu amene muli pa jakisoni wolera, kapulasitiki ka pamkono kapena mapiritsi, kalendala ndajambula ija si yanu, chifukwa njira zimenezi zimasintha kapena kuimitsa kutuluka kwa dzira. Kabuku kaja lembanibe, koma muzitsatira masiku a pa kalendala wamba.