Manijala wakana makina opindulitsa: ROI ndi RI zikasemphana

[Pa sikirini: fakitale yoyenga mafuta ophikira, pambali pali pepala la pempho logulira makina]

Moni nonse. Tiyambe ndi nkhani yongoyerekeza, koma yoti aliyense amene wagwirapo ntchito yowerengera chuma pa kampani yaikulu aizindikira msanga. Kampani ina ili ndi nthambi ziwiri, ina yoyenga mafuta ophikira, ina yopanga sopo. Kwa manijala wa mafuta kwabwera mwayi wogula makina a K400 miliyoni omwe azibweretsa phindu la K100 miliyoni chaka chilichonse. Kampaniyo imapeza mpamba wake pa mtengo wa 20 peresenti, pomwe makinawa abweza 25 peresenti. Eni kampani akanamva akanati gulani lero lomwe. Koma manijala wayang'ana pepalalo n'kuliika m'dirowa. Munthuyu si waulesi, ndipo masamu amawadziwa bwino. Chamukaniza ndi muyeso umene likulu limamuyezera.

[Pa sikirini]

```
ROI = phindu / mpamba x 100
RI  = phindu - (mpamba x mtengo wa mpamba)
```

Miyeso yake ndi iwiri iyi. Woyamba, ROI, umafunsa kuti pa K100 iliyonse imene tinaika m'nthambi yanu, mwabweza zingati? Yankho limatuluka mu peresenti. Muyesowu unakhwimira ku America, ku kampani ya DuPont, komwe Donaldson Brown anaukonza cha m'ma 1914. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920 iye anasamukira ku General Motors, komwe Alfred Sloan ankagawa kampani m'nthambi zoyendetsedwa pazokha, ndipo likulu linkafuna nambala imodzi yoonera nthambi zonse.

Wachiwiri, RI, ndi phindu lotsala. Likulu limauza nthambi kuti mpamba umene mukugwiritsa ntchitowo si waulere. Mabanki amafuna chiwongoladzanja, eni masheya nawo amayembekeza phindu lawo, choncho tikudulani kaye lendi ya mpambawo, ndipo chotsalacho ndiye chimene mwapangadi. Yankho lake limatuluka mu makwacha. General Electric inatchuka ndi muyesowu m'zaka za m'ma 1950, ndipo muyeso wina wotchedwa EVA, umene kampani ya Stern Stewart inafalitsa pambuyo pake, ndi mwana wa maganizo omwewa.

Tsopano tibwerere ku fakitale ija, tiwerenge limodzi.

[Pa sikirini]

```
Nthambi ya mafuta (mamiliyoni a kwacha)
           mpamba   phindu   ROI     RI
Lero        1000     300     30%     100
Atagula     1400     400     28.6%   120
```

Lero nthambiyi ili ndi mpamba wa K1,000 miliyoni ndipo imapanga phindu la K300 miliyoni. ROI yake ndi 30 peresenti. Lendi ya mpamba pa 20 peresenti ndi K200 miliyoni, ndiye phindu lotsala ndi K100 miliyoni.

Makina aja akagulidwa, mpamba ukwera kufika pa K1,400 miliyoni, phindu pa K400 miliyoni. Gawani 400 ndi 1,400, mupeza 28.6 peresenti. ROI yatsika. Koma taonani mbali inayo. Lendi ya mpamba tsopano ndi K280 miliyoni, ndipo mukaichotsa pa K400 miliyoni patsala K120 miliyoni. Kampani yalemera ndi K20 miliyoni pachaka, pamwamba pa zonse zimene mabanki ndi eni masheya amafuna. Makina ndi omwewo, chaka ndi chomwecho, koma muyeso wina ukuti manijala wabwerera m'mbuyo, wina ukuti wapita patsogolo.

Ngati bonasi yake imadalira kuti ROI isatsike pa 30, mukuganiza kuti asayina? Ine sindimudzudzula kwenikweni. Ali ndi ana a sukulu, ndipo mpando wake akuusirira anthu ena. Amene ayenera kufunsidwa ndi amene anaika muyesowo.

Chimachititsa zimenezi n'chakuti ROI ndi avereji. Zili ngati mwana wasukulu amene avereji yake ndi 80. Akalemba mayeso ena n'kupeza 70, wakhoza bwinobwino, koma avereji yake itsika. Akanakhala ndi ufulu wosankha, sakanalemba. Manijala ufulu umenewo ali nawo. Ntchito iliyonse yatsopano amaiyerekeza ndi avereji ya nthambi yake, 30 ija, pomwe kampani imafuna kuti aiyerekeze ndi mtengo wa mpamba, 20 uja.

Vutoli lili ndi nkhope ina, ndipo imeneyi ndi yoopsa kwambiri chifukwa ndalama zimatulukadi. Tiyeni ku nthambi ya sopo.

[Pa sikirini]

```
Nthambi ya sopo (mamiliyoni a kwacha)
           mpamba   phindu   ROI     RI
Lero         500      60     12%     -40
Atagula      700      92     13.1%   -48
```

Nthambi iyi ikuvutika. Mpamba wa K500 miliyoni ukubala K60 miliyoni yokha, 12 peresenti. Lendi ya mpamba ndi K100 miliyoni, choncho phindu lotsala lili pansi pa ziro ndi K40 miliyoni. Manijala wake wapeza ntchito ya K200 miliyoni yobweza K32 miliyoni pachaka, yomwe ndi 16 peresenti. Kwa iye ndi madalitso, chifukwa 16 ndi wamkulu kuposa 12, ndipo ROI yake ikwera kufika pa 13.1. Alemba pempho lokoma, alilondola ku likulu sabata ndi sabata. Koma K200 miliyoni imeneyo kampani ikuilipirira K40 miliyoni pachaka kuti ipeze K32 miliyoni. Chaka chilichonse K8 miliyoni ikutayika, manijala n'kulandira bonasi.

Ikani nthambi ziwirizi pambali ndi pambali muone chimene chachitika. Ntchito ya 25 peresenti yakanidwa, ya 16 peresenti yalandiridwa, m'kampani imodzi yomweyo. Ndalama zathawa komwe zikanabala n'kupita komwe zikuonongeka.

[Pa sikirini: mzere wa manambala, chizindikiro pa 12, pa 20 ndi pa 30, malo apakati pa zizindikirozo apakidwa utoto]

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ngati mukukonzekera mayeso a akaunti jambulani mzere uwu. Miyeso iwiriyi simakangana nthawi zonse. Ntchito yobweza 35 peresenti ku nthambi ya mafuta, yonse iwiri ivomereza. Yobweza 10 peresenti, yonse iwiri ikana. Mkangano umabuka pokhapokha phindu la ntchito yatsopano likagwa pakati pa ROI ya nthambi ndi mtengo wa mpamba. Ku mafuta malowo ali pakati pa 20 ndi 30, ku sopo ali pakati pa 12 ndi 20. Nthambi ikamachita bwino kwambiri, malo a mkanganowo amakulanso, ndiye kuti manijala wanu waluso koposa ndiye amene akukankhidwa kwambiri kuti azikana ntchito zabwino.

Zomwezo zimachitika pogulitsa katundu. Nthambi ya mafuta ili ndi nyumba yosungiramo katundu ya K100 miliyoni yomwe imabweretsa K22 miliyoni. Manijala akaigulitsa, atsala ndi phindu la K278 miliyoni pa mpamba wa K900 miliyoni, ROI n'kukwera kufika pa 30.9 peresenti. Phindu lotsala latsika kuchoka pa K100 miliyoni kufika pa K98 miliyoni. Wachepetsa bizinesi, lipoti lake n'kukongola.

Ndiye tingotaya ROI? Tisafulumire, chifukwa RI nayo ili ndi zilema zake.

Chachikulu n'chakuti imakondera nthambi zazikulu. Tinene kuti pali kanthambi kachitatu ka mpamba wa K100 miliyoni, kopanga phindu la K40 miliyoni. ROI yake ndi 40 peresenti, kuposa ya mafuta, koma phindu lotsala ndi K20 miliyoni yokha poyerekeza ndi K100 miliyoni ya mafuta. Mukandandalika mamanijala potengera RI basi, wa nthambi yaikulu azikhala pamwamba ngakhale akuwodzera. N'chifukwa chake RI ya manijala imayenera kuyerekezedwa ndi bajeti ya nthambi yake kapena ndi chaka chatha, osati ndi ya mnzake. Komanso peresenti imamveka msanga kwa mabwana a bodi, ndipo ichi ndi chifukwa chimodzi chimene ROI sinachokere m'malipoti.

Chinanso ndi 20 peresenti ija. Waisankha ndani? Likulu likanaika 26, makina a mafuta aja akanalephera ngakhale pa RI, chifukwa lendi ya K400 miliyoni ikanakhala K104 miliyoni. Nambala imeneyi imafunika kuikonza mosamala, ngakhale kuti ubwino wake ndi wakuti nthambi yokhala ndi chiopsezo chachikulu mutha kuiikira mtengo wokwera kuposa inzake.

Ndipo pali matenda amodzi ogwira miyeso yonse iwiri. Mpamba umawerengedwa kuchokera m'mabuku, ndipo m'mabuku mtengo wa makina umatsika chaka ndi chaka.

[Pa sikirini]

```
Chaka     1      2      3      4      5
Mpamba   400    320    240    160     80
Phindu   100    100    100    100    100
ROI      25%   31.3%  41.7%  62.5%   125%
RI        20     36     52     68     84
```

Makina a K400 miliyoni aja tikamawachotsa K80 miliyoni pachaka kwa zaka zisanu, phindu osasintha, ROI ikwera yokha kuchoka pa 25 mpaka 125 peresenti, RI nayonso n'kumakwera. Palibe chimene manijala wachita, makina akungokalamba. Taonaninso kuti pofika chaka chachiwiri makinawo adutsa kale 30 ija, kutanthauza kuti amene anawakana anayang'ana chaka choyamba chokha, mwina podziwa kuti chikamafika chachitatu adzakhala atasamutsidwa.

Kwathu kuno matendawa amakula chifukwa cha kugwa kwa ndalama. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, makina ogulidwa kunja kale anakhalabe m'mabuku ambiri pa mtengo wakale, pomwe phindu likuwerengedwa mu makwacha a lero. Nthambi ya makina akale imaoneka ngati ngwazi, ndipo imene yangogula kumene imaoneka yolephera. Mankhwala ake ndi kuyeza mpamba pa mtengo umene mungagulire makinawo lero. Kuyeza pa mtengo wogulira osachotsa kutha kwake kumangothetsa vuto la kukalamba kwa makina.

Ngati muli ku likulu, mungadziwe bwanji kuti muyeso wayamba kupotoza anthu anu? Tengani lipoti la nthambi la zaka zitatu kapena zinayi, musayang'ane peresenti yokha, yang'anani nambala ya phindu ndi ya mpamba payokhapayokha. ROI ikamakwera koma phindu mu makwacha lili pomwepo, ndiye kuti chikuchepa ndi mpamba. Funsani zaka za makina ndi ndalama zimene zikupita kokonzetsa. Onani ngati kugula zipangizo kumaimitsidwa mwezi wotseka mabuku n'kuyambiranso mwezi wotsatira. Kenaka tsegulani fayilo ya mapempho ogulira katundu, muwerenge kuti angati achokera ku nthambi ya sopo ndipo angati achokera ku nthambi ya mafuta. Ngati nthambi yanu yopambana yatha zaka ziwiri osapempha kanthu, muitaneni manijala wake abwere ndi mapepala a m'dirowa aja, ndipo lililonse mulichotse lendi ya 20 peresenti muone chimene chikutsala.