Kuphunzitsa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ndi filimu ya 1930

Aphunzitsi a mbiri yakale amene mukumvetsera, lero tikambirane za kagwiritsidwe ntchito ka filimu ya All Quiet on the Western Front, imene Lewis Milestone anajambula ku America mu 1930 kuchokera m'buku la Erich Maria Remarque, Mjeremani amene anamenya nawo nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Ilipo ina ya dzina lomweli ya 2022, koma ili ndi magazi ambiri, choncho kwa ana a sukulu ine ndingasankhe yakaleyo.

Musaionetse yonse, pakuti imapitirira maola awiri. Yambani mwaionera nokha kunyumba, ndipo musanaiyatse m'kalasi muwauze ophunzira kuti anyamata akuyankhula Chingeleziwo ndi asilikali a Germany, chifukwa mukapanda kutero ena adzayesa kuti akuona Angelezi. Kenaka onetsani chigawo choyambirira, pamene mphunzitsi Kantorek akukopa ana a m'kalasi mwake kuti akalembetse usilikali, ndipo ophunzira alembe zonse zimene akuwalonjeza.

Chigawo chofunika kukhalitsapo ndi cha m'dzenje lokumbika ndi bomba. Paul Bäumer, mmodzi wa ana a m'kalasi ya Kantorek aja, wabisala m'menemo, msilikali wa France wagweramo, Paul wamubaya ndi mpeni, koma sangathe kutuluka chifukwa kunja zipolopolo zikuvumba. Akukhala naye usiku wonse munthuyo akubuula, akuyesa kumumwetsa madzi, ndipo atamwalira akupeza m'thumba mwake chithunzi cha mkazi ndi mwana wake. Imitsani filimu pomwepo, mudikire pang'ono musanayankhule, kenaka mufunse kuti mwa malonjezo a Kantorek aja ndi liti lakwaniritsidwa m'dzenjemo. Mukamva kuti ana akungokambirana za mfuti ndi za amene wapambana, kapena amaombera m'manja wina akagwa, dziwani kuti aonera ngati filimu ya karate; bwerezani chigawocho, ndipo muwauze kuti ayang'ane nkhope ya Paul yokha.

Muwakumbutsenso kuti zimene aonazo ndi sewero lojambulidwa nkhondo itatha kale, si zithunzi za kunkhondo kwenikweni, ngakhale kuti filimuyo ili ndi mbiri yakeyake: mu Disembala 1930 otsatira chipani cha Nazi, motsogozedwa ndi Joseph Goebbels, anasokoneza chionetsero chake ku Berlin pomwaza mbewa zoyera m'holo, ndipo boma linailetsa. Funsani ana kuti anthu amenewo ankaopa chiyani.

Filimuyi sionetsa Africa ngakhale pang'ono, pamene nkhondo yomweyo inafika ku Karonga mu Seputembala 1914, ndipo amuna ambirimbiri a kuno anagwidwa kukasenza katundu wa asilikali ngati amtengatenga. Ntchito yokachitira kunyumba ichokere pamenepo: awerengereni kalata imene John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times chaka chomwecho, yodandaula kuti osauka akufera nkhondo ya eni ake n'kusiya amasiye, ndipo aliyense alembe tsamba limodzi losonyeza pamene Chilembwe ndi Paul akugwirizana ndi pamene akusiyana.