Musamufunse kaye mwana kuti zinakhala bwanji

Zikomo amayi ndi abambo, kumbuyoko mukundimva eti? Chabwino.

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 8 waona bambo ake akumenya mayi ake mpaka magazi. Akuluakulufe timathamangira kumufunsa, "tatiuze, zinakhala bwanji?" Achibale afunsa, aphunzitsi afunsa, aneba nawonso, mwana yemweyo, ndiye usiku akukodza pogona, akulota zoopsa, chitseko chikangomenyeka wadzidzimuka. Akamafotokoza asanakonzeke, thupi lake limamva ngati zikuchitikanso pompo.

Pali uphungu wina wothandiza ana amene aona zoopsa, umatchedwa TF-CBT, anaukonza ndi Judith Cohen, Anthony Mannarino ndi Esther Deblinger ku America, wa ana a zaka 3 mpaka 18, kawirikawiri amakumana kamodzi pa sabata maulendo ngati 12 mpaka 16. Kufotokoza nkhani kulimo ndithu, koma kumabwera pakati.

Phungu amayamba wafunsa kuti nkhanzazo zatha? Ngati womenyayo akugonabe nyumba yomweyo, amayamba ndi chitetezo basi, zikayambanso mwana athawira kuti, auza ndani, komanso adziwe kuti kuleretsa ndewu si ntchito yake.

Kenako mwana amaphunzira kudzitonthoza. Dzanja pamimba, kukoka mpweya pang'onopang'ono mimba ifufume ngati baluni, kutulutsa. Amaphunzira kutchula zomwe akumva, awa ndi mantha, uwu ndi mkwiyo, ndi kuziyeza kuyambira 0 mpaka 10. Mayi ake nawonso amakumana ndi phungu paokha, chifukwa mayi akangomva nkhaniyo nkugwa ndi kulira, mwana amatseka pakamwa kuti asawapwetekenso, ana amatiteteza ife tisakudziwa. Komabe masabata amenewa sikuti nkhanzayo akuibisa ayi, phungu amaitchula dzina lake, kungoti salowa mwatsatanetsatane.

Ndiye ikafika nthawi amapanga kabuku, kaya kulemba kaya kujambula. Mutu woyamba ndi wa iyeyo, dzina lake, masewera omwe amakonda. Za nkhanza zija zimabwera pang'onopang'ono, zowawitsitsa kumapeto. Akati mantha ali pa 4 apitiriza, akati 9 aima kaye, apume, atsike, kenako abwererenso olo ndi chiganizo chimodzi. Samalola mwana kupita kunyumba ali pa 9. Ndipo muzisamala ndi mwana amene wangoti zii, maso ali gwa, ukumuitana sakuyankha, ameneyo sanadekhe ayi, zamukulira, liwiro lofotokozera nkhani lachuluka.

Amayi apo mwafunsa kuti bwanji osangomusiya aiwale? Saiwala mayi, amangozemba, ndipo mantha amakhalabe. Komanso mkabukumo ndi momwe mumatuluka zomwe wakhala akubisa, monga "ndinataya madzi ndine, ndiye adadi anakwiya chifukwa cha ine". Phungu akamva zimenezo amamufunsa mofatsa kuti anakweza dzanja ndani, mpaka mwana aone yekha. Kabukuko amadzawawerengera mayi ake kumapeto, mayiwo atakamva kale kwa phungu.

Pali funso lina? Eya bambo, imani.