Dzina lobisalira pa intaneti: makalata awiri a omvera

"Okondedwa owulutsa, ndine mayi wa ana amapasa, ndipo kwa miyezi itatu tsopano ndakhala ndikutaya magazi mosadziwika bwino. Ndikufuna kufunsa amayi anzanga pa intaneti, koma sindikufuna kuti achibale kapena anzanga akuntchito andizindikire. Ndinayamba ndi dzina lakuti `user58213`, koma ndikabwerako palibe amene amakumbukira kuti ndine uja anafunsa sabata yatha. Tsopano ndikuganiza zodzitcha `MayiWaMapasa91`. Kodi dzina limeneli lili bwino?"

Zikomo kwambiri mayi chifukwa cha kalata yanu. Ndisanafike pa za dzina, ndikupempheni kuti mupite kuchipatala msanga, chifukwa kutaya magazi kwa miyezi itatu kumafunika dokotala akupimeni, ndipo mayankho a anzanu sangalowe m'malo mwa zimenezo.

Dzina lachiwirilo musaligwiritse ntchito. Tangoganizani kuti mulamu wanu walipeza akuwerenga pafoni yake. Mawu akuti "mayi" amuuza kuti wolembayo ndi mkazi ndipo ali ndi ana. Mawu akuti "mapasa" achotsa pafupifupi amayi onse amene iye amawadziwa, pakuti amayi obereka mapasa ndi ochepa pakati pa anthu amene munthu mmodzi amadziwana nawo. Ndiye 91 uja aliyense amuwerenga ngati chaka chobadwa, 1991. Munthu wachilendo sangapite nazo patali mfundo zitatuzi, koma amene mukumuopa si wachilendo ayi, ndi amene anabwera kudzaona mapasawo atabadwa. Dzinali mukulikumbukira mosavuta chifukwa lachokera m'moyo wanu, ndipo pa chifukwa chomwecho ndi losavuta kwa iye kulimasulira.

Njira imene ndimaikhulupirira ndi yoti mawu a dzina musasankhe nokha, chifukwa munthu akamasankha yekha maganizo amathamangira ku zimene amakonda. Tengani buku lililonse, mulitsegule paliponse osayang'ana, muloze ndi chala, ndipo mulembe dzina la chinthu loyamba limene chalacho chafikapo. Muchitenso chimodzimodzi patsamba lina. Tinene kuti mwapeza "kamba" ndi "mkuwa". Mukaphatikiza zikhala `KambaWaMkuwa`. Amene wawerenga dzinali amaona chithunzi m'mutu mwake, kanyama koyenda pang'onopang'ono kachigoba chonyezimira, ndipo pakatha milungu iwiri adzakumbukira kuti kamba uja anafunsa za magazi. Komabe m'dzinamo mulibe zaka zanu, ntchito yanu, ngakhale zoti ndinu mayi kapena bambo. Likakhala kuti wina analitenga kale, onjezani mawu achitatu kapena musinthe amodzi, musaonjeze manambala, pakuti manambala amene amabwera msanga m'mutu amakhala chaka chobadwa kapena mathero a nambala ya foni.

Musanalilembetse, lilembeni pa Google pakati pa zizindikiro za mawu ogwidwa, motere: `"KambaWaMkuwa"`, muone ngati silikutulutsa munthu wina kapena akaunti yanu yakale. Kenako mudzifunse moona mtima ngati mchemwali wanu, ataliona, angamwetulire n'kunena kuti uyu ndi uje. Ngati mumaweta akamba kapena anzanu amakunenani kuti mumayenda ngati kamba, tsegulaninso bukulo. Muganizirenso za chilankhulo: pagulu la anthu a m'mayiko ambiri olemba Chingerezi, dzina la Chichewa limaulula chigawo cha dziko lapansi kumene mukuchokera, choncho kumeneko tengani mawu a Chingerezi.

Ndikuchenjezeninso za dzina lanu loyamba lija, chifukwa ambiri amaganiza kuti manambala amabisa munthu kotheratu. M'chaka cha 2006 kampani ya AOL ya ku America inatulutsa poyera zimene anthu pafupifupi 650,000 anafufuza pa intaneti kwa miyezi itatu, itachotsa mayina awo n'kuika manambala. Pasanapite masiku ambiri atolankhani a nyuzipepala ya New York Times anapeza mayi wina wachikulire amene anabisidwa ndi nambala imodzi mwa manambalawo, pongosonkhanitsa zimene iye ankafufuza zokhudza dera lake, agalu ake ndi anthu a dzina la banja lake. Nambala inalibe vuto, chimene chinamuulula ndi zonse zimene zinaunjikana pansi pa nambalayo. N'chimodzimodzi ndi kamba wathu. Lero mulemba kuti muli ndi mapasa, mwezi wamawa kuti mumagwira ntchito usiku, mwezi winawo kuti amuna anu ali paulendo, ndipo amene watsegula akaunti yanu amawerenga zonsezi patsamba limodzi. Chotero lembani zokhazo zimene woyankha akufunika kuti akuthandizeni. Kunena kuti muli m'zaka za m'ma 30, kuti munaberekapo, ndiponso kuti vutoli latha miyezi itatu, n'kokwanira. Za mapasa muzisungire dokotala.

Kalata yachiwiri ndi yaifupi.

"Ine ndakhala ndikulemba maganizo anga pa nkhani za ndale kwa zaka zinayi ndi dzina limodzi lobisalira, ndipo anthu amalidziwa komanso amalilemekeza. Tsopano ndili ndi funso la matenda achinsinsi. Kodi pali cholakwika nditafunsa ndi dzina lomwelo, poti si langa lenileni?"

Bambo, tsegulani dzina lina la funso limeneli lokha. M'zaka zinayi n'zokayikitsa kuti simunauzeko mnzanu ngakhale mmodzi kuti wolemba uja ndinu, ndipo amene mumatsutsana nawo pa ndale ndi anthu amene ali ndi chifukwa chofukula zonse zimene munalembapo. Kufukulako sikovuta, chifukwa pali mapulogalamu aulere, monga Sherlock, amene amafufuza dzina limodzi pamasamba mazanamazana pa mphindi zochepa. Ross Ulbricht, amene anayambitsa msika wa katundu woletsedwa wa Silk Road, anadziwika mwa njira yofanana ndi imeneyi. M'chaka cha 2011 anatsatsa msikawo ndi dzina lakuti `altoid`, ndipo patapita miyezi analemba ndi dzina lomwelo akufuna katswiri wa makompyuta, n'kuikapo imelo yokhala ndi dzina lake lenileni. Wofufuza anagwirizanitsa ziwirizi m'chaka cha 2013, chaka chimene Ulbricht anamangidwa. Sindikukufanizirani ndi iyeyu ayi, ndikungosonyeza kuti uthenga umodzi woiwalika wa zaka zapitazo umakwanira kulumikiza dzina lobisalira ndi mwini wake.

Potsegula dzina latsopanolo, ndipo apa mayi a kalata yoyamba amvenso, yambani mwatsegula imelo yatsopano imene mulibe dzina lanu, ndipo musalowe podina batani lolowera kudzera pa Facebook kapena pa Google yanu ya masiku onse. Pulogalamu ikapempha kuona manambala a m'foni mwanu, kanani, chifukwa mapulogalamu ena amagwiritsa ntchito manambalawo posonyeza akaunti yanu kwa anthu amene mumadziwana nawo. Musaike chithunzi chimene munachiikapo kwina. Inu bambo musamalenso ndi kalembedwe, pakuti amene akuwerengani kwa zaka zinayi amadziwa mawu amene mumakonda kuyambira nawo ndiponso amene mumalakwitsa polemba. Funsolo mulilembe mwachidule, m'ziganizo zosavuta, ndipo pafoni muzituluka mu akaunti imodzi musanalowe mu inayo, kuopa kuti mungayankhe za matendawo ndi dzina la ndale lija.